Kutula ndi kusenzetsa beta: kapezedwe ka mlingo wotsitsira pulojekiti ya bizinesi yachilendo

Tiyerekeze kuti mumagwira ntchito mu ofesi yazachuma ya kampani yopanga zakumwa zoziziritsa kukhosi. Kampaniyo yapeza malo okhala ndi miyala ya laimu ndipo bodi ikufuna kumanga fakitale ya simenti. Fakitaleyo idya $100 miliyoni, ndipo akatswiri awerengera kuti izibweretsa $13 miliyoni pachaka, msonkho utachotsedwa kale, kwa zaka 15. Akuluakulu akufunsani chinthu chimodzi: ndalama za m'tsogolozi tizitsitse ndi maperesenti angati kuti tidziwe mtengo wake lero? Nambala imeneyi ndiyitcha mlingo wotsitsira.

Mu dirowa ya kampani muli kale nambala, WACC ya 8.5 peresenti, yomwe ndi mtengo wa mpamba wonse wa kampani mukasakaniza wa masheya ndi wa ngongole. Mukatsitsa ndi 8.5, NPV ya fakitale, yomwe ndi mtengo wa lero wa ndalama zonse zolowa mutachotsa zomangira, ikutuluka pafupifupi $8 miliyoni pamwamba pa ziro, ndipo aliyense angafune kuyamba kukumba maziko mawa lomwe. Koma 8.5 yo inabadwira ku zakumwa. Anthu amagula zakumwa chuma chikamayenda bwino, ndipo chikavuta amangochepetsako pang'ono. Simenti ndi ina. Chuma chikatsika, nyumba zimaima pa windo, misewu imadikira bajeti ya chaka china, koma uvuni wa fakitale umafunabe malasha ndi antchito. Amene akuika ndalama zawo mu simenti amayembekeza phindu lokulirapo, ndipo mlingo wathu uyenera kuonetsa zimenezo.

Manambala a makampani amene ndigwiritse ntchito pansipa ndi ophunzitsira, ndawasankha kuti masamu aoneke bwino. Njira yake ndi yomwe imaphunzitsidwa m'mapepala a mayeso a FM ndi AFM a bungwe la akauntanti la ACCA komanso yomwe alangizi azachuma amatsata.

Choyamba, zindikirani kuti beta yanyamula zinthu ziwiri

Beta imayeza mmene phindu la sheya limasunthira msika wonse wa masheya ukasuntha. Sheya ya beta 1.5, mwachizolowezi, imakwera kapena kutsika 15 peresenti msika ukasuntha 10 peresenti. Njira ya CAPM, imene William Sharpe anailongosola mu 1964, imasandutsa beta kukhala phindu limene eni masheya amayembekeza.

Beta imene mumaiwerenga pa intaneti kapena m'malipoti ndi beta ya masheya, yolembedwa βe. M'kati mwake muli chiopsezo cha bizinesi yeniyeniyo, ndiye pamwamba pake pasanjikidwa chiopsezo cha ngongole. Chifukwa chake n'chosavuta kuona. Tengani makampani awiri a simenti ofanana pa zonse, aliyense akupanga phindu la 100 asanalipire chiwongoladzanja. Wina alibe ngongole, wina amalipira chiwongoladzanja cha 40 pachaka. Chaka choipa phindu likatsika kufika pa 80, eni kampani yoyamba ataya 20 peresenti. Eni kampani yachiwiri anali ndi 60, tsopano atsala ndi 40, ndiye kuti ataya gawo limodzi mwa magawo atatu. Simenti yake ndi yomweyo, makasitomala omwewo, koma banki siichepetsa zake, choncho kugwedezeka konse kumagwera eni masheya.

Ife tikufuna chiopsezo cha simenti, koma ngongole za makampani a eni ake sizikutikhudza. Ndiye tiitula beta katundu wa ngongole zawo kuti itsale beta ya bizinesi, βa, kenako tiisenzetsa katundu wa ngongole zathu. Masamu ake anawasindikiza Robert Hamada mu 1972, pophatikiza CAPM ndi maganizo a Franco Modigliani ndi Merton Miller a mu 1963 okhudza ngongole ndi msonkho.

Chachiwiri, sankhani makampani ofanizira

Apa ndi pamene pamafunika nthawi yambiri kuposa masamu onse otsatira. Mukufuna makampani amene ali pa msika wa masheya ndipo ntchito yawo ndi simenti basi, kapena pafupifupi basi. Pa msika wa masheya wa Malawi palibe kampani yotere, choncho maso amapita kunja: PPC pa msika wa Johannesburg, Dangote Cement ku Nigeria, Chilanga Cement pa msika wa Lusaka. Musakhutire ndi kampani imodzi. Beta ya kampani imodzi imatuluka m'masamu a mitengo ya m'mbuyo ndipo imakhala ndi phokoso lambiri; sitiraka imodzi kapena mlandu umodzi wakukhothi ungaipotoze. Atatu ndiwo ochepetsetsa, ndipo asanu kapena kuposerapo ndi bwino.

Ngati beta muiwerengera nokha, tengani phindu la mwezi ndi mwezi la zaka zisanu, miyezi 60, la sheyayo ndi la msika wonse, nkulemba mu Excel:

```
=SLOPE(B2:B61, C2:C61)
```

Mu B muli phindu la sheya, mu C muli la msika. Chenjerani ndi masheya amene amatha masiku kapena masabata osagulidwa. Mtengo wake umangokhala pamodzimodzi pamene msika ukuyenda, ndipo masamu amatulutsa beta yaing'ono ngati 0.3. Izi sizikutanthauza kuti kampaniyo ndi yotetezeka, kungoti palibe amene anagula. Mukaona kampani ya simenti ili ndi beta yotsika kuposa ya kampani yogulitsa madzi kapena magetsi, yang'anani kuchuluka kwa masheya amene amasinthana manja musanaikhulupirire. Poyerekeza zomwe mwapeza, matebulo amene Aswath Damodaran wa ku New York University amatulutsa mu Januwale chaka chilichonse amathandiza; ali ndi beta ya gulu lililonse la mabizinesi, ndipo danga lofunika ndi lolembedwa Unlevered beta.

Pa kampani iliyonse lembani zinthu zinayi: beta ya masheya, mtengo wa masheya onse, E, ngongole, D, ndi mlingo wa msonkho wa phindu wa dziko lake, T. Tiyerekeze kuti mwapeza izi:

| Kampani | βe | D | E | T |
|---|---|---|---|---|
| A | 1.60 | 40 | 60 | 30% |
| B | 1.25 | 20 | 80 | 27% |
| C | 1.70 | 50 | 50 | 30% |

D ndi E ndazilemba ngati magawo a pa 100 kuti kuwerengera kupepuke.

E ikhale ya pamsika: mtengo wa sheya imodzi lero kuchulukitsa ndi chiwerengero cha masheya onse. Musatenge nambala ya m'buku la akaunti. Kampani imene inamanga fakitale zaka 30 zapitazo ingalembe mpamba wa eni ake wochepa kwambiri m'buku pamene pamsika ndi wowirikiza katatu. Mukatenga wa m'buku, ngongole ioneka yaikulu kuposa mmene ilili, mudzatula katundu wochuluka mopyola, ndipo beta ya bizinesi idzatuluka yaing'ono. Cholakwika chimenechi ndimachiona kawirikawiri kuposa china chilichonse, ndipo nthawi zambiri chimakokera ku mbali yoopsa, yovomereza pulojekiti yosayenera. Pa D, nambala ya m'buku imaloledwa ngati ndi ngongole ya kubanki ya chiwongoladzanja chosinthasintha, chifukwa mtengo wake pamsika susiyana kwenikweni. Werengani ngongole zokhala ndi chiwongoladzanja zokha, kuphatikizapo ovadirafuti imene siitha chaka ndi chaka ndi ngongole za malizi, omwe ndi mapangano obwereka katundu kwa nthawi yaitali. Ndalama zimene kampani ikuyenera kulipira oiperekera malasha ndi matumba musaziphatikize.

Chachitatu, tulani ngongole zawo

```
βa = βe × E / (E + D × (1 − T))
```

Ngongole tikuichulukitsa ndi 1 − T chifukwa chiwongoladzanja chimachotsedwa msonkho usanawerengedwe, ndiye boma limanyamulako mbali ina ya katunduyo.

Kampani A: ngongole ya 40 kuchulukitsa ndi 0.70 ndi 28. Pansi pakhala 60 kuphatikiza 28, yomwe ndi 88. Ndiye 1.60 × 60 / 88 ikupereka 1.09.

Kampani B ili m'dziko la msonkho wa 27 peresenti, monga South Africa. Ngongole ya 20 kuchulukitsa ndi 0.73 ndi 14.6, ndipo 1.25 × 80 / 94.6 ikupereka 1.06. Onetsetsani kuti potula mukugwiritsa ntchito msonkho wa kampaniyo. Msonkho wa kwanu ulowa posenzetsa.

Kampani C: 50 kuchulukitsa ndi 0.70 ndi 35, ndipo 1.70 × 50 / 85 ikupereka 1.00.

Taonani zimene zachitika. Tisanatule, mabeta anayambira pa 1.25 kufika pa 1.70, ndipo C inkaoneka yoopsa kuposa onse. Titatula, onse asonkhana pakati pa 1.00 ndi 1.09, ndipo C ndiyo yotsikitsitsa. Beta yake inatupa ndi ngongole chabe. Kusonkhana kotereku ndi chizindikiro choti mwasankha bwino makampani ofanizira. Mukapeza mmodzi watsala kutali, mwachitsanzo pa 0.55 pamene anzake ali pa 1.05, musamuponye mu avereji musanadziwe chifukwa. Kawirikawiri mupeza kuti masheya ake sagulidwa pafupipafupi, kapena ali ndi bizinesi ina yaikulu pambali, kapena wasunga ndalama zambiri kubanki. Ndalama zosungidwa beta yake ili pafupi ndi ziro, motero zimasungunula beta ya kampani yonse, ndipo ambiri amakonza izi pochotsa ndalamazo pa ngongole asanatule.

Avereji ya 1.09, 1.06 ndi 1.00 ndi 1.05. Imeneyi ndiyo beta ya bizinesi ya simenti yopanda ngongole ya munthu aliyense. Tulani kampani iliyonse payokha kaye, avereji ibwere pambuyo.

Mawu pang'ono pa kampani yosakaniza mabizinesi, poti kuno kwathu makampani akuluakulu ambiri ndi otero. Beta ya bizinesi ya kampani yonse ndi avereji ya mabeta a zigawo zake, chigawo chilichonse molingana ndi mtengo wake. Tiyerekeze kuti B inali ndi 80 peresenti mu simenti ndi 20 peresenti mu nyumba zobwereketsa, zomwe beta yake ya bizinesi ndi 0.70. Ndiye 1.06 = 0.80 × beta ya simenti + 0.20 × 0.70. Mukachotsa 0.14 patsala 0.92, kugawa ndi 0.80 mupeza 1.15. Ndiyo ikanalowa mu avereji m'malo mwa 1.06. M'chitsanzo chathu tipitiriza ngati onse atatu ndi a simenti yokha.

Chachinayi, senzetsani ngongole zanu

Fomula ndi yomwe ija, yangotembenuzidwa:

```
βe = βa × (E + D × (1 − T)) / E
```

Funso lenileni ndi lakuti D ndi E zake ziti. Bodi ingakuuzeni kuti fakitale yonse imangidwa ndi ngongole ya banki, ndiye wina anene kuti tiike D pa 100. Ayi. Banki ikubwereketsa chifukwa kumbuyo kwa fakitale kuli kampani yonse ndi katundu wake wonse, ndipo ngongole ya lero idzachititsa kuti pulojekiti yotsatira ilipiridwe ndi phindu losungidwa kapena masheya atsopano. Gwiritsani ntchito kasakanizidwe kamene kampani ikufuna kukhala nako kwa nthawi yaitali. Yathuyi imasunga ngongole pa 30 ndi masheya pa 70, pa mitengo ya pamsika, ndipo msonkho wake ndi 30 peresenti, womwe ndi mlingo wamba wa makampani m'Malawi.

Ngongole ya 30 kuchulukitsa ndi 0.70 ndi 21. Pamwamba pakhala 91, ndipo 91 / 70 ndi 1.30. Choncho 1.05 × 1.30 ikupereka 1.365. Iyi ndi beta ya masheya ya kampani yongoyerekeza imene imapanga simenti koma ili ndi ngongole ngati zathu.

Dziyeseni apa musanapitirire. Beta yosenzetsedwa iyenera kukhala yoposa ya bizinesi nthawi zonse pamene pali ngongole. Ikatuluka yocheperapo, mwatembenuza fomula. Komanso ngongole yathu ya 30 ili pakati pa ya B, 20, ndi ya A, 40, ndiye beta yathu iyenera kugwera pakati pa 1.25 ndi 1.60. Yagweradi pomwepo.

Chachisanu, kuchoka pa beta kufika pa mlingo

```
Ke   = Rf + βe × (Rm − Rf)
WACC = Ke × E/(D+E) + Kd × (1 − T) × D/(D+E)
```

Tiike chiwongoladzanja chopanda chiopsezo, Rf, pa 5 peresenti, ndi chowonjezera cha msika wa masheya, Rm − Rf, pa 6 peresenti. Phindu loyembekezeredwa ndi eni masheya, Ke, ndi 5 + 1.365 × 6, yomwe ndi 13.19 peresenti. Kampani imabwereka pa chiwongoladzanja, Kd, cha 8 peresenti, ndipo msonkho ukachotsedwa ndi 5.6. WACC ya fakitale ndi 0.70 × 13.19 kuphatikiza 0.30 × 5.6, ndiko kuti 9.23 kuphatikiza 1.68, pafupifupi 10.9 peresenti.

Ena amaimira pa 13.19 nkutsitsira nayo. Kumeneko n'kulakwa pa pulojekiti yathu, chifukwa $13 miliyoni ija ndi ndalama zisanagawidwe pakati pa banki ndi eni masheya, choncho mlingo wake ndi WACC. Ke imagwira ntchito pokhapokha mwachotsa kale chiwongoladzanja ndi kubweza ngongole pa ndalama za chaka chilichonse.

Tsopano yerekezani ndi 8.5 ya mu dirowa ija. Inachokera ku beta ya zakumwa ya 0.80: Ke ya 9.8 peresenti, kuchulukitsa ndi 0.70 kukhala 6.86, kuphatikiza 1.68 yemweyo. Pa 8.5, dola imodzi pachaka kwa zaka 15 mtengo wake lero ndi 8.304, ndiye $13 miliyoni pachaka ndi pafupifupi $108 miliyoni, NPV ya $8 miliyoni pamwamba. Pa 10.9, dola yomweyo mtengo wake ndi 7.231, ndiye zonse ndi $94 miliyoni, NPV ya $6 miliyoni pansi pa ziro. Fakitale ndi yomweyo, matumba a simenti ndi omwewo, koma yankho latembenuka. Mukanangotenga avereji ya mabeta atatu aja osatula, 1.52, mukanapeza pafupifupi 11.6 peresenti. Pano ikanakanabe pulojekiti, koma tsiku lina ikanakanitsa pulojekiti yabwino chifukwa cha ngongole za kampani C zimene inu simunabwereke.

Kumene njirayi imatsimphina

Fomula imene tagwiritsa ntchito imaganiza kuti ngongole ilibe chiopsezo cha msika, ndiko kuti beta ya ngongole, βd, ndi ziro. Koma taonani kuti kampani yathu ikubwereka pa 8 pamene Rf ndi 5. Banki ikuona chiopsezo ndithu. Fomula yathunthu ndi iyi:

```
βa = βe × E/(E + D(1−T)) + βd × D(1−T)/(E + D(1−T))
```

Pa kampani ya ngongole zochepa kusiyana kwake n'kwakung'ono. Pa C, imene theka la mpamba wake ndi ngongole, βd ya 0.2 ikukweza beta ya bizinesi kuchoka pa 1.00 kufika pa 1.08. Ngati mwasankha kuika βd potula, iikeninso posenzetsa, ndipo zolakwikazo zimafafanizana pang'ono ngati ngongole zanu zikufanana ndi zawo. Vuto limakula mukatula kampani yomira m'ngongole nkusenzetsa kampani ya ngongole zochepa. Pamenepo mlingo umatuluka wotsika mopyola. Ine kampani imene ili pafupi kulephera kubweza ngongole sindiiika n'komwe pa mndandanda wa ofanizira.

Chachiwiri ndi mtundu wa ndalama. Chitsanzo chathu chili m'madola, ndipo Rf ya 5 ndi ya madola. Simenti ikamagulitsidwa m'makwacha ndipo mwawerengera ndalama zolowa ndi kukwera mitengo kwa kwathu, simungazitsitse ndi 10.9. Sinthani mlingo ndi kusiyana kwa kukwera mitengo kwa mayiko awiriwo. Mwachitsanzo, mukayembekeza 20 peresenti kwathu ndi 3 peresenti ku America, 1.109 × 1.20 / 1.03 ikupereka 1.292, ndiko kuti 29.2 peresenti m'makwacha. Chiopsezo cha dziko, monga kusowa kwa ndalama zakunja zogulira zipangizo za uvuni, beta yochokera ku msika wina siinachinyamule. Ena amachiwonjezera pa Ke, ena amachichotsa pa ndalama zoyembekezeredwa. Sankhani njira imodzi, musachiwerenge kawiri.

Chachitatu, WACC imaganiza kuti kasakanizidwe ka 30 ndi 70 kakhala komweko zaka zonse 15. Ngati fakitaleyo ndi yaikulu moti ngongole ya kampani idumpha kufika pa 60 nkumatsika chaka ndi chaka, kapena ngati yapatsidwa ngongole yapadera yotsika chiwongoladzanja, musasenzetse beta. Imani pa 1.05, pezani Ke yopanda ngongole, 5 + 1.05 × 6, yomwe ndi 11.3 peresenti, tsitsani nayo ndalama za pulojekiti, kenako wonjezerani padera mtengo wa lero wa msonkho wopulumutsidwa ndi chiwongoladzanja, komanso wa phindu la ngongole yapadera ija ngati ilipo. Njira imeneyi ndiyo APV.

Musanalowe mu bodi

Wina mu bodi adzanena kuti 1.05 yo ndi yongoyerekeza, ndipo adzakhala akunena zoona. Yankho labwino ndi kuyenda chambuyo. Fakitale ya $100 miliyoni yobweretsa $13 miliyoni kwa zaka 15 ili ndi IRR, mlingo umene NPV imagwera pa ziro, ya pafupifupi 9.8 peresenti. Kuti WACC itsike kufika pa 9.8, Ke iyenera kukhala 11.6, zomwe zikufuna beta ya masheya ya 1.10, ndipo mukaigawa ndi 1.30 mupeza beta ya bizinesi ya 0.85. Mwa makampani atatu aja, wotsikitsitsa anali pa 1.00. Ndiye ngakhale mutasankha wofanizira wokomera pulojekiti kuposa onse, fakitale siikufika.

Perekaninso nambala imene mainjiniya ndi a zamalonda angagwirepo ntchito. Pa 10.9 peresenti, $100 miliyoni kugawa ndi 7.231 ndi $13.8 miliyoni pachaka. Fakitale ikusowa pafupifupi $800,000 pachaka, kapena mtengo womangira utsike kufika pa $94 miliyoni. Funso lopita kwa iwo ndi lakuti kodi mtengo wa thumba, kuchuluka kwa matani kapena bilu ya malasha zingasunthe mpaka pamenepo.